Mukadula foni ndi mmisiri, lembani zimene mwagwirizana: malangizo kwa omanga nyumba ali kutali

Funso limene ndimafunsidwa kawirikawiri ndi anzanga amene ali ku Joni, ku Ulaya, ngakhale amene ali ku Lilongwe koma akumanga kwawo ku Mangochi kapena ku Ntcheu, limabwera mochedwa. Amati: "Tinagwirizana bwinobwino pafoni, ndalama ndinatumiza, lero mmisiri akunena zina. Nditani?" Pofika pamenepo chochita chimakhala chochepa, chifukwa aliyense akukumbukira zake, ndipo nthawi zambiri palibe amene akunama. Inu munamva kuti mtengo uja ndi wa khoma lonse mpaka pamwamba, mmisiri anamva kuti ndi wofika pa lintala, pamwamba pa zitseko ndi mawindo. Choncho ndalemba pano kamodzi zimene muyenera kuchita foni ikangodulidwa, ndalama isanachoke m'manja mwanu.

Chitsanzo chimene nditsatire ndi ichi. Mayi wina ali ku Joni, akumanga nyumba ya zipinda zitatu kwawo. Maziko ndi silabu zinatha chaka chatha. Tsopano wapeza mmisiri woti akweze khoma. Kumudziko kuli mlamu wake amene amasunga makiyi a mosungira simenti ndi kuyang'anira ntchito. Mayiyu walankhula ndi mmisiri Lamulungu madzulo, pa 27 Julayi 2025. Mitengo yonse imene nditchule ndi yachitsanzo chabe, musakaigwiritse ntchito ponenerera.

1. Lembani muli pafoni pomwepo

Musanaimbe, khalani ndi kope ndi cholembera. Simukulemba ziganizo, mukungogwira manambala ndi mayina: ndalama zingati, tsiku liti, matumba angati, ndani. Mutu wa munthu umasunga bwino mmene nkhani inakomera, koma manambala umawasakaniza msanga, makamaka ngati munanenerera mtengo kangapo. Mmisiri anayamba ndi K2,200,000, inu munati K1,500,000, kenako munakumana penapake. Pakapita masiku atatu aliyense amakumbukira nambala imene ili kufupi ndi mbali yake.

Musanatsanzike, werengani mokweza zimene mwalemba, kenako nenani kuti: "Amisiri, ndikulemberani zimenezi pa WhatsApp usiku uno kuti tonse tisaiwale. Mukaona mundiyankhe." Chiganizo chimenechi musachidumphe. Uthenga wautali umene wangofika mosayembekezera umaoneka ngati samani. Koma umene munauneneratu, munthu amaulandira ngati mbali ya ntchito.

Ena amakonda kujambula mawu mobisa. Ine sindilimbikitsa zimenezo. Munthu akadzazindikira kuti munamujambula osamuuza, ubale umatha, ndipo ndi munthu amene ali ndi khoma lanu m'manja. Komanso zojambulidwa za theka la ola, zodzaza ndi malonje, kudukaduka kwa netiweki ndi mitengo itatu yosiyana, sizithetsa mkangano. Aliyense amasankhamo mphindi imene ikumukomera.

2. Gawani zimene mwalembazo patatu

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa, ndipo ndikhalapo pang'ono. Zimene zinalankhulidwa pafoni si zonse zimene zinagwirizanidwa. Tengani kope lija muike chilichonse m'gulu limodzi mwa awa: zimene nonse awiri munavomera momveka, zimene zinangotchulidwa koma sizinamangidwe, ndi zimene sizinakambidwe n'komwe koma ntchito singayende popanda izo.

Gulu loyamba ndi losavuta. Inu munati K1,800,000, iye anati "chabwino, tipange imeneyo." Imeneyo ndi nkhani yomangidwa.

Gulu lachiwiri ndi limene limapusitsa. Kwathu kuno munthu sakana bwana wake kapena kasitomala pamaso. Mukafunsa kuti "mumaliza m'masabata atatu?" n'kuyankhidwa kuti "tiyesetsa," "tiona mmene ziyendere," "palibe vuto mayi," kapena "Mulungu akalola," dziwani kuti tsiku silinagwirizanidwe. Mayankho amenewa ndi ulemu. Angatanthauze inde, angatanthauzenso kuti "sizingatheke koma sindifuna kukukhumudwitsani." Inunso mumachita chimodzimodzi. Mmisiri akati "mundiganizireko ya thiransipoti," inu n'kuti "tikambirana," iye amapita kunyumba akudziwa kuti thiransipoti ilipo, inu mukudziwa kuti mwakana mwaulemu.

Chiyeso chimene chimabwera apa ndi chotenga zinthu za gulu lachiwiri n'kuzilemba ngati zogwirizanidwa, motsamira mbali yanu. Mumalemba kuti "tagwirizana kuti mumaliza pa 23 Ogasiti," pamene iye anangoti ayesetsa. Musatero. Choyamba, akazindikira chinthu chimodzi chozembetsedwa, uthenga wonse sauonanso ngati woona. Chachiwiri, ngakhale asazindikire n'kuvomera, mwangodzinamiza nokha, chifukwa tsiku limene munthu sanaliwerengere sangalikwanitse. Zinthu za gulu lachiwiri zilembeni ngati mafunso.

Gulu lachitatu muyenera kulifufuza nokha. Pa ntchito ya khoma, zimene anthu amaiwala pafoni n'kudzakangana nazo pa malo a ntchito zimakhala zomwezomwezo. Madzi atunga ndani, ndipo otungawo awalipira ndani? Anyamata osakaniza matope ali pa ndalama ya mmisiri kapena yanu? Chakudya chamasana? Mitengo yokwerapo khoma likatalika, ndi matabwa othirira konkire ya lintala, abweretsa ndani, ndipo ntchito ikatha adzakhala a ndani? Mlonda wausiku? Ndalama imene amadula potapa pa Airtel Money kapena pa Mpamba ili pa yani? Chilichonse mwa izi chimaoneka chaching'ono muli ku Joni, koma tsiku limene madzi palibe, amuna asanu amangokhala pamthunzi, ndipo tsikulo lapita.

3. Chotsani mawu otanuka, muike tsiku, nambala ndi dzina

Mawu ena amamveka bwino pakamwa koma polemba sagwira kanthu. "Sabata yamawa" ikanenedwa Lamulungu madzulo, wina amamva mawa lomweli Lolemba, wina amamva Lolemba linalo. "Kumapeto kwa mwezi" kwa munthu wa pa malipiro ndi tsiku limene amalandira, kwa mmisiri ndi pa 30 kapena 31, kwa ena kumafika mpaka pa 5 mwezi winawo. "Mvula isanayambe" si tsiku. Lembani dzina la tsiku, deti ndi mwezi m'mawu: Lolemba pa 4 Ogasiti. Dzina la tsiku limathandiza kugwira cholakwika. Mukalemba Lolemba pa 5 Ogasiti wina adzaona kuti sizikugwirizana n'kufunsa. Ngati muli ku Britain ndipo mwapangana ola loimbirana, nenani kuti ndi nthawi ya ku Malawi, chifukwa kusiyana kwake kumakhala ola limodzi m'miyezi yotentha ya kumeneko ndi maola awiri m'miyezi yozizira. A ku Joni vuto limeneli mulibe, nthawi ndi imodzi.

Ndalama nayo ilembeni ndi dzina lake. Amene amalandira marandi amaganiza m'marandi, mmisiri amaganiza m'makwacha. Lembani kuti mtengo uli m'makwacha, ndipo chimene chikuwerengedwa ndi ndalama imene yafika m'manja mwake, osati imene inu mwapereka ku Mukuru. Lembaninso kuti mtengowo ugwira mpaka liti. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo mitengo ya simenti ndi malata inasintha anthu ali pakati pa ntchito. Mmisiri amene munagwirizana naye mtengo lero, inu n'kuchedwa miyezi isanu musanayambitse ntchito, ali ndi chifukwa chomveka chofunira kukambirananso. Ndi bwino zimenezi zilembedwe poyamba.

Mawu oopsa kuposa onse ndi "kumaliza" ndi "zonse." Kumaliza khoma n'kufika pati? Kwa amene sadziwa mawu a amisiri: windo levulo ndi pamene khoma lafika poyambira mawindo. Lintala ndi konkire yokhala ndi zitsulo imene imadutsa pamwamba pa zitseko ndi mawindo. Ikazungulira nyumba yonse ngati lamba, ambiri amati ring'i bimu. Pamwamba pake pamabweranso mizere ingapo ya njerwa denga lisanakhale, ndipo ngati denga ndi la mbali ziwiri pali gebulo, khoma la nsonga lija la m'mbali. Mmisiri akati "mpaka pamwamba" akhoza kutanthauza chilichonse mwa zitatu zomalizazi, ndipo gebulo yokha ndi ntchito ya masiku. Lembani dzina la malo enieni pamene ntchito ikuthera, ndipo lembaninso zimene sizili m'katimo, monga pulasitala ndi kukhoma denga.

Pa udindo, chiganizo chilichonse chikhale ndi munthu mmodzi wochita. "Mchenga ugulidwa" ndi chiganizo chopanda mwini. "Tigula mchenga" n'chimodzimodzi, chifukwa "ti" ameneyo ndi aliyense. Lembani kuti alamu agula mchenga, ufike pofika Lachisanu.

4. Lembani uthengawo tsiku lomwelo

Usiku womwewo, kapena m'mawa mwake ngati munamaliza mochedwa. Mukadikira masiku anayi, mmisiri amakhala atauza kale anyamata ake mtengo, mwinanso atakana ntchito ina, malinga ndi mmene iye anamvera. Uthenga wa mayi uja ungaoneke chonchi:

> Amisiri, zikomo chifukwa cha nthawi yanu lero, Lamulungu pa 27 Julayi 2025. Ndalemba zimene ndamva kuti tagwirizana. Pamene ndalakwitsa mundikonze.
>
> ZIMENE TAGWIRIZANA
> 1. Ntchito: kukweza khoma lonse, lakunja ndi lam'kati, kuchokera pa silabu mpaka kuthira ring'i bimu. Gebulo, pulasitala ndi denga sizili m'katimu.
> 2. Mtengo wa ntchito ya manja: K1,800,000. Anyamata othandizira muwalipira inu pa ndalama imeneyi.
> 3. Kalipiridwe: K600,000 tsiku loyamba ntchito, K600,000 khoma lonse likafika pa windo levulo, K450,000 ring'i bimu ikathiridwa, K150,000 patatha masiku 7, matabwa atachotsedwa ndipo alamu ataona.
> 4. Kuyamba: Lolemba pa 4 Ogasiti.
> 5. Ine nditumiza ndalama ya simenti matumba 40 a 50 kg kwa alamu pofika Lachitatu pa 30 Julayi. Alamu agula simenti ndi mchenga, zifike pamalo pofika Lachisanu pa 1 Ogasiti.
> 6. Makiyi a mosungira akhala ndi alamu. Azitulutsa simenti m'mawa uliwonse ndi kulemba m'kope.
>
> ZIMENE SITINAMALIZE
> 7. Munati muyesetsa masabata atatu. Kodi tilembe Loweruka pa 23 Ogasiti, kapena pa 30? Nenani tsiku limene mukuona kuti litheka.
> 8. Madzi: ndikuganiza kuti otunga ndiwalipire ine kudzera mwa alamu. Mukuona bwanji?
> 9. Mitengo yokwerapo ndi matabwa a ring'i bimu: muli nazo kapena tigule?
>
> Chonde mundiyankhe pofika Lachiwiri madzulo, pa 29 Julayi, kuti Lachitatu nditumize ndalama ya zipangizo.

Onani zinthu zingapo. Mfundo iliyonse ili ndi nambala, kuti poyankha munthu angoti "nambala 3 sizili choncho" m'malo molemba nkhani yonse pa kafoni kakang'ono. Magawo anayi a malipiro akaphatikizidwa akukwana K1,800,000 ndendende, ndipo muziwerengera musanatumize, chifukwa masamu olakwika mu uthenga wanu womwe ndi chiyambi cha mkangano. Malipiro amangidwa pa msinkhu wa khoma, osati pa tsiku, chifukwa msinkhu umaoneka pa chithunzi pamene tsiku limafika ngakhale ntchito itaima. Ndipo uthenga wonse uli m'Chichewa chimene munalankhula pafoni. Ena akangoti alembe za ndalama amathamangira Chingerezi cha m'maofesi. Mmisiri amene sanamve bwino sadzakuuzani kuti sanamve, adzangovomera.

K150,000 yotsalira ija ilembedwe pokhapokha ngati munaikambadi. Ngati yangokubwererani m'mutu foni itadulidwa, malo ake ndi m'munsi, pa mafunso.

5. Pezani yankho lenileni

Ili ndi gawo lovuta, ndipo malangizo ambiri amangoti "tumizani uthenga wotsimikizira" n'kuthera pomwepo. Uthenga umene mwatumiza koma sunayankhidwe ndi umboni wa zimene inu mumaganiza, basi. Timizere tiwiri tabuluu ta pa WhatsApp tija timangosonyeza kuti uthenga watsegulidwa. Mwina anatsegula ndi mwana amene amaseweretsa foni. Mwina mmisiri anauona ali pamwamba pa khoma la munthu wina n'kuti awerenga madzulo. Kukhala chete si kuvomera, ndipo musalembe zoti "mukapanda kuyankha ndiye kuti mwavomera." Kumeneko ndi kudzitonthoza.

Kachala kokweza m'mwamba, kapena "ok" yekha, n'kwabwino kuposa chete, koma n'kofooka. Uthenga uli ndi mfundo zisanu ndi zinayi, zitatu mwa izo ndi mafunso. "Ok" akuyankha iti? Tsiku la mkangano munthu adzati, "ndimatanthauza kuti ndaulandira." Ndipo mwina adzakhala akunena zoona.

N'chifukwa chake mafunso aja ali ndi ntchito iwiri. Amatseka mipata, komanso amakakamiza munthu kuyankha ndi mawu akeake. Funso la "pa 23 kapena pa 30?" silingayankhidwe ndi kachala. Mmisiri akalemba kuti "pa 30 mayi, chifukwa ring'i bimu ifuna masiku, matabwa ndili nawo koma mitengo mugule," mwadziwa kuti wawerenga mpaka pansi, ndipo tsikulo watchula yekha. Tsiku limene munthu watchula ndi pakamwa pake amalisunga kuposa limene mwamuikira. Ngakhale mutagwirizana zonse pafoni, siyani funso limodzi loona loti ayankhe.

Nanga mungapemphe bwanji yankho popanda kuoneka ngati simukumukhulupirira? Nkhawa imeneyi ndi yeniyeni, makamaka ngati mmisiri ndi wamkulu kwa inu, ndi wa kumpingo kwanu, kapena anakupezerani ndi amalume. Munthu wamkulu akhoza kufunsa kuti, "Kodi mawu anga sakukwana?" Njira yake ndi kuika chifukwa pa inu ndi pa ntchito, osati pa iye. Nenani kuti muli kutali, alamu ndi amene azigula zinthu, ndiye pafunika onse aziona chinthu chimodzi. Nenani kuti mukufuna kukonzekera ndalama yake pa nthawi yake kuti asadzadikire. Zimenezi n'zoona, si zonyengerera. Ndipo muonetseni kuti kalatayo ikumanga inunso: mfundo 3 ndi 5 ndi ngongole zanu. Amisiri ambiri anagwirapo ntchito kwa mabwana amene anasowa khoma litafika pa windo levulo, kapena amene anawonjezera chipinda osawonjezera ndalama. Akaona kuti cholembedwacho chikuwateteza, savuta.

Tsiku loyankhira likadutsa ali chete, imbani. Musayambe ndi kudandaula. Funsani ngati uthenga unafika, chifukwa mwina bandulo inatha kapena foni ili kotchajitsa. Kenako werengani mfundo imodziimodzi, iye aziyankha. Akasintha china, lembaninso uthenga wokonzedwa muli pafoni pomwepo, ndipo mupempheni kuti mukangodula ayankhe. Ngati kulemba kumamuvuta, ajambule mawu: "Ndamva zonse kuyambira 1 mpaka 9, mtengo ndi wakuti, ndiyamba tsiku lakuti, ndimaliza tsiku lakuti." Mawu ojambula okha, a mphindi imodzi, otchula manambala, ndi yankho labwino kwambiri.

Ngati ali ndi foni ya mabatani, fupikitsani mfundo zikuluzikulu mu ma SMS awiri kapena atatu, ndipo zonse alamu azikopere m'kope. Akakumana pamalo a ntchito, alamu awerenge mokweza, mmisiri asayine kapena adinde chala, pakhale mboni imodzi yosakhala ya banja lanu, kenako akujambulireni tsambalo. Mmisiri nayenso akhale ndi pepala lake.

Ndipo lamulo limene limagwira zonsezi ndi ili: ndalama imadikira yankho. Mukatumiza K600,000 yankho lisanabwere, mphamvu yanu yofunsira yatha, ndipo mafunso atatu aja adzayankhidwa pamalo a ntchito, inu kulibe. Ndikudziwa kuti mtima umathamanga, mwasunga ndalama miyezi yambiri ndipo mukufuna kuona khoma likukwera. Koma masiku awiri odikira yankho ndi otsika mtengo.

Nthawi zina yankho limabwera lotsutsa. "Ayi mayi, K1,800,000 ija anyamata sanali m'katimo." Musapse mtima, ndipo musathamangire kunena kuti wasintha mawu. Uthenga wagwira ntchito yake: kusamvana kumene kukanaphulika pa 16 Ogasiti, anyamata atanyanyala, kwaonekera pa 28 Julayi simenti isanagulidwe. Imbaninso, mukambirane, mulembenso. Koma munthu amene mwamuimbira kawiri, amavomera zonse pakamwa, n'kumazemba kulemba kapena kujambula mawu ngakhale amodzi, wakuuzani kanthu. Ganizirani bwino musanamupatse ntchito.

6. Munthu wachitatu naye avomere

Mu uthenga uja alamu apatsidwa ntchito zitatu, koma pafoni paja iwo panalibe. Ili ndi vuto limene timalipanga tokha: timalonjeza m'dzina la m'bale ngati kuti nthawi yake ndi yathu. Mlamuyo ali ndi munda wake, mwina ndi mphunzitsi amene amachoka m'mawa. Ngati sangathe kutsegula mosungira simenti tsiku lililonse 6 koloko, mfundo 6 yafa isanayambe. Muimbireni musanatumize uthenga, kapena mutumizireni womwewo n'kumufunsa ngati mbali yake akwanitsa.

Chothandiza ndi kagulu ka WhatsApp ka anthu atatu okha: inu, mmisiri ndi woyang'anira. Osati gulu la banja lonse. M'gulu la banja mgwirizano umakwiririka pansi pa mauthenga a maliro ndi mavesi a m'mawa, aliyense amaikapo maganizo, ndipo mmisiri sangakutsutseni momasuka pamaso pa anthu makumi awiri. M'kagulu ka atatuko nenaninso momveka kuti wosintha pulani kapena mtengo ndi ndani. Popanda zimenezo mudzamva kuti "achimwene anu anabwera n'kutiuza kuti windo likhale apa," ndipo njerwa zagumulidwa kale.

7. Sungani mosamala

Mgwirizano wapakamwa pa ntchito ngati iyi ndi mgwirizano ndithu. Chimene chimavuta ndi umboni. Ku Malawi lamulo la 2016 lokhudza zochitika za pa makina ndi pa intaneti limazindikira mauthenga a pakompyuta ndi pafoni, kotero uthenga ndi yankho lake zikhoza kuonetsedwa nkhani ikafika kubwalo. Koma nkhani zambiri zotere sizifika n'komwe kwa majisitireti. Zimathera kwa amfumu, kwa akulu a mpingo kapena pakhonde la amalume, ndipo kumeneko munthu amene watulutsa foni n'kuwerenga mawu a mnzake, ndi deti lake, savutika kufotokoza.

Kuti zimenezi zitheke, uthengawo uyenera kukhalapo. Pa WhatsApp onetsetsani kuti Disappearing messages ndi yozimitsa pa macheza amenewo, apo ayi zonse zidzafufutika zokha pakatha maola 24, masiku 7 kapena masiku 90. Dziwaninso kuti munthu akhoza kusintha uthenga wake m'mphindi 15 zoyambirira, ndiponso akhoza kuufufuta mbali zonse ndi Delete for everyone kwa masiku pafupifupi awiri. Choncho yankho likangofika, jambulani sikirini, ndipo pachithunzipo pazioneka deti. Jambulaninso tsamba loonetsa nambala ya foni ya munthuyo, chifukwa dzina lakuti "Mmisiri" munalemba nokha ndipo silitsimikizira kanthu. Kenako gwiritsani ntchito Export chat mudzitumizire ku imelo. Mafoni amabedwa, amagwera m'madzi, ndipo nambala ya ku Joni ikhoza kutsekedwa mukabwerera kumudzi.

Malipiro aliwonse alowe m'macheza omwewo. Mukatumiza, lembani: "Ndatumiza K600,000, gawo loyamba la mfundo 3, yatsala K1,200,000," muikepo chithunzi cha uthenga wa Airtel Money, Mpamba kapena risiti ya Mukuru yokhala ndi nambala yake. Iye ayankhe kuti walandira. Ngati wapempha kuti mutumize pa nambala ya mkazi wake kapena ya ejenti, pempho limenelo alilembe kapena alijambule iye mwini musanatumize. Ndalama yopita pa nambala ya munthu wina popanda mawu ake ndi yovuta kuilondola.

8. Foni iliyonse yosintha kanthu ili ndi uthenga wake

Ntchito ikayamba mudzaimbirana kambirimbiri, ndipo si foni iliyonse yofuna kalata. Koma ikakhudza ndalama, tsiku kapena kukula kwa ntchito, lembani. Tinene kuti pa 13 Ogasiti mmisiri waimba kuti simenti yatsala matumba 4, pafunika ena 15, ndiponso inu mwaganiza zowonjezera khoma la bafa lam'kati. Uthenga wake ndi waufupi:

> Amisiri, malinga ndi foni ya lero Lachitatu pa 13 Ogasiti: (a) nditumiza ndalama ya simenti matumba 15 kwa alamu pofika Lachisanu pa 15. (b) Mwavomera kuwonjezera khoma la bafa pa K120,000, ilipiridwa pamodzi ndi gawo lachitatu, ndiye mtengo wonse tsopano ndi K1,920,000. (c) Kodi tsiku lomaliza likhalabe pa 30 Ogasiti? Zina zonse za mu uthenga wa pa 27 Julayi sizinasinthe.

Chiganizo chomalizacho n'chofunika, chifukwa popanda icho wina akhoza kuganiza kuti nkhani yonse yatsegulidwanso. Funso (c) nalonso musaliiwale. Mukawonjezera ntchito kapena mukachedwetsa zipangizo, tsiku lomaliza limasuntha, ndipo si chilungamo kudzamugwira mmisiri pa 30 Ogasiti pamene simenti munatumiza mochedwa ndi masiku anayi. Mukachedwa inu, lembani nokha kuti mwachedwa ndipo tsiku lasunthira pakuti.

Musakonze uthenga wakale kapena kuufufuta kuti muike watsopano. Usiyeni pomwepo, watsopano ubwere pansi pake, kuti aliyense aziona mmene zinthu zinasinthira.

Pamene uthenga wa pafoni sukwana

Njira iyi ndi ya ntchito ya manja, kuoda njerwa, kubwereka galimoto yonyamula mchenga, ndi zina zotere. Pogula malo musadalire imeneyi. Ngakhale mwini malo atayankha bwino chotani pa WhatsApp, pamafunika pepala losayinidwa, mboni, kuyenda m'malire ndi anthu oyandikana nawo, amfumu ngati ndi malo a kumudzi, ndi kufufuza ku ofesi yoona za malo kapena ku khonsolo ngati ndi malo a mapepala. Uthenga wapafoni pamenepo ntchito yake ndi kungopangana tsiku lokumana ndi zimene aliyense abweretse.

Chimodzimodzi ngati mukupereka nyumba yonse kwa kontirakitala mmodzi, zipangizo ndi ntchito pamodzi, pa ndalama zambirimbiri. Lembanibe uthenga wa tsiku lomwelo monga tafotokozera, koma mfundo yake yomaliza inene tsiku limene mgwirizano wapapepala udzasayinidwe, amene aulembe, ndiponso kuti ndalama yoyamba idzatuluka pepalalo likasayinidwa.